Mayunitsi akuthera kuti? Njira yofufuzira chimene chikudya magetsi pakhomo panu

"Mita yanga ikuthamanga." Mawu amenewa amamveka m'maminibasi, pa mabenchi a ma ejenti ogulitsa mayunitsi, ngakhalenso pa misonkhano ya banki m'khonde. Munthu adazolowera kuti tokeni imene amagula kumayambiriro kwa mwezi imamufikitsa sabata yachitatu, koma tsopano mita yayamba kulira masiku khumi asanakwane. M'nyumba simunalowe chipangizo chatsopano, anthu ndi omwewo, kaphikidwe n'komweko. Mtima umathamangira kunena kuti mita yawonongeka kapena wina akuba.

Zonse ziwirizi zimachitikadi, koma nthawi zambiri mita imakhala ikunena zoona. Magetsiwo amakhala akudutsadi, kungoti akupita kumene mwini nyumba sakukudziwa. Ubwino wake ndi wakuti mita yomwe mukuikayikirayo ndi chida chokwanira kufufuzira vutolo. Simufunika kugula chipangizo china kapena kumasula waya aliyense. Mufunika kope, cholembera, wotchi ya pa foni ndi usiku umodzi kapena uwiri. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ndi yotero.

Yambani mwasiyanitsa ndalama ndi mayunitsi

Anthu ambiri amakumbukira ndalama zimene adalipira, osati mayunitsi amene adalandira. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mtengo wa magetsi a ESCOM umavomerezedwa ndi bungwe la MERA, ndipo umasintha. Mu 2023 bungweli lidavomereza kuti mtengowu uzikwera m'magawo kwa zaka zinayi, choncho ndalama zomwe zinkagula mayunitsi ochuluka kale, lero zikugula ochepa. Pa ndalama zimene mumapereka pamachotsedwanso msonkho, ndipo ngati nambala ya mita yanu ili ndi ngongole yakale, gawo lina la ndalamazo likhoza kupita kukabweza ngongoleyo. Palinso ndondomeko yoti mayunitsi oyambirira a mwezi amakhala otsikirako mtengo kuposa otsatira, kotero tokeni yachiwiri ya mwezi womwewo ikhoza kubwera yopepuka ngakhale mwalipira ndalama zofanana.

Tsegulani mauthenga akale a Airtel Money, TNM Mpamba kapena a banki, kapena funani malisiti amene mudasunga. Pambali pa manambala 20 a tokeni pamalembedwa kuchuluka kwa mayunitsi. Phatikizani mayunitsi onse a miyezi itatu yapitayo, mwezi uliwonse pawokha, kenako mugawe ndi masiku a mweziwo. Mukapeza kuti kale nyumba inkadya mayunitsi 8 patsiku ndipo lero ikudyabe 8, ndiye kuti m'nyumba mulibe vuto; chasintha ndi mtengo. Koma mukapeza kuti yachoka pa 8 kufika pa 15, pamenepo pali chofufuza.

Yunitsi imodzi ndi magetsi ochuluka bwanji?

Chipangizo chilichonse cha magetsi chili ndi kachikwangwani kunsi kapena kumbuyo kosonyeza mphamvu imene chimakoka. Mphamvuyi imayezedwa m'mawati, ndipo pa kachikwangwanipo mudzaona nambala yotsatana ndi chilembo cha W. Yunitsi imodzi, imene pa mita imalembedwa kWh, ndi magetsi amene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya chikayaka kwa ola lathunthu. Masamu ake ndi osavuta: chulukitsani mawati ndi maola, kenako mugawe ndi 1,000.

Mbale imodzi ya hotipuleti ya mawati 1,500 ikaphika nyemba kwa maola awiri ikhoza kudya mayunitsi atatu. Babu lakale la mawati 100 likayaka panja kuyambira madzulo mpaka kucha, maola 12, limadya yunitsi imodzi ndi kanthu pang'ono, pamene babu lamakono la mawati 10 limadya gawo limodzi mwa magawo khumi a zimenezo. Tchaja ya foni siyenera n'komwe kuiganizira, chifukwa ikhoza kugwira ntchito miyezi ingapo isanamalize yunitsi imodzi.

Masamuwa akutiphunzitsa kanthu kena kamene anthu ambiri sakaganizira. Timaopa simbi yositira chifukwa imakoka mphamvu zambiri, koma simbi ya mawati 1,200 ikagwira ntchito theka la ola singapitirire mayunitsi 0.6. Pamene kanthu kakang'ono ka mawati 300 kosazima usana ndi usiku kamadya mayunitsi 7.2 tsiku lililonse. Choncho mayunitsi akayamba kutha msanga popanda chifukwa chooneka, funso loyamba lisakhale lakuti ndi chiyani chimakoka kwambiri m'nyumba muno. Likhale lakuti ndi chiyani chikuyaka nthawi imene tikuganiza kuti zonse zazima.

Muyeso wa usiku

Tiyerekeze ndi nyumba ya zipinda zitatu zogona, ya mtundu umene uli wochuluka ku Area 25 mu Lilongwe kapena ku Chilomoni mu Blantyre, yokhala ndi boyizikota kuseri. Mulibe giza. Banjali limaphika pa hotipuleti pafupifupi maola atatu patsiku, zomwe ndi mayunitsi 4.5. Firiji imadya 1.2, mababu onse pamodzi yunitsi imodzi, wailesi ya kanema ndi dikoda 0.6, ketulo ndi simbi 0.7. Zonse pamodzi ndi mayunitsi 8, ndipo malisiti akale akugwirizana ndi chiwerengerochi. Koma kuyambira mu Disembala, mvula itakhazikika, nyumbayi ikudya mayunitsi 15 patsiku.

Muyeso woyamba uchitike usiku, chifukwa ndi nthawi imene zinthu zoyaka zimakhala zochepa ndipo mukhoza kuziwerenga ndi zala. Pogona, lembani nthawi ndi mayunitsi otsala, pamodzi ndi manambala onse a kutsogolo kwa kadontho. M'mawa, munthu asanayatse ketulo kapena simbi, lembaninso. M'nyumba yathuyi mita ikusonyeza 62.40 pa 10 koloko usiku, ndipo pa 5 koloko m'mawa ikusonyeza 59.60. Pa maola 7 papita mayunitsi 2.8, kutanthauza kuti usiku wonse nyumbayi imakoka mawati 400.

Tsopano tiwerenge zimene zimayenera kuyaka. Mababu anayi apanja a mawati 10 lililonse amadya 0.28 pa maola 7. Firiji, imene imayaka n'kumazima yokha, imadya pafupifupi 0.35. Dikoda ndi matchaja osiyidwa pa soketi mwina 0.07. Zonsezi zikukwana 0.7. Ndiye kuti pali mayunitsi 2.1 opanda mwini, omwe ndi mawati 300 pa ola lililonse la usikuwo. Mukachulukitsa ndi maola 24 mupeza 7.2, yomwe ndi pafupifupi nambala yomweyo imene yawonjezekera pa tsiku la banjali. Apa tadziwa zinthu ziwiri: chimene chikudya magetsicho chimakoka pafupifupi mawati 300, ndipo sichipuma. Pa mwezi chikutenga mayunitsi oposa 200.

Kagetsi kophethira kali ndi uthenga

Pankhope pa mita pali kagetsi kofiira kamene kamaphethira. Ambiri amakaona ngati chokongoletsa, koma kamaphethira molingana ndi magetsi amene akudutsa nthawi yomweyo. Pafupi nako pamalembedwa nambala monga 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kakaphethira maulendo 1,000 ndiye kuti yunitsi imodzi yatha. Mamita ena amalembedwa 1600 kapena 3200, choncho muyambe mwawerenga zimene zalembedwa pa yanuyo. Werengani kuti kaphethira kangati pa mphindi imodzi, kenako mutsate masamu awa:

```
W = n x 60000 / (imp/kWh)
```

Chilembo cha n chikuimira kuchuluka kwa maphethiro pa mphindi imodzi. Pa mita ya 1000 imp/kWh masamuwa amafupika: ingochulukitsani maphethirowo ndi 60. Kakaphethira kasanu pa mphindi, nyumba ikukoka mawati 300. Mukayatsa ketulo ya mawati 2,000, kayenera kuwonjezera maphethiro pafupifupi 33 pa mphindi.

Nyumba zina zili ndi mita yogawikana, imene mbali yoyeza magetsi ili m'bokosi pamwamba pa pholo ndipo m'nyumba muli kabokosi kolowetsera tokeni kokha. Ngati kagetsi kenikeniko simungakaone, gwiritsani ntchito manambala a mayunitsi otsala. Mawati 300 amachotsa 0.1 pa mphindi 20 zilizonse, choncho pa muyeso uliwonse mudikire mphindi 20 kapena 30. Mamita ambiri amathanso kusonyeza mphamvu imene ikukokedwa nthawi yomweyo mukalowetsa nambala yaifupi yapadera. Nambalayi imasiyana malinga ndi kampani imene idapanga mitayo, ndipo imapezeka m'kabuku kamene kamabwera ndi mita.

Kusaka ndi mabuleka

Sankhani nthawi ya masana magetsi alipo. Zimitsani mababu onse, ndipo chipangizo chilichonse muchizule pa soketi, firiji yomwe. Kuzimitsa ndi rimoti sikokwanira; pulagi ituluke. Zikatero kagetsi kaja kayenera kusiya kuphethira. M'nyumba ya chitsanzo chathu kakupitirizabe, kasanu pa mphindi.

Pitani pa bokosi la mabuleka, lija lokhala ndi swichi yaikulu ndi timaswichi ting'onoting'ono m'mzere. Muvale nsapato, manja akhale ouma, ndipo mukhudze timaswichi tokha, osamasula chivundikiro cha bokosilo. Buleka aliyense amayang'anira gawo lake la nyumba: wina mababu, wina masoketi, wina chophikira, wina giza, wina nyumba yapanja. Tsitsani woyamba, dikirani mphindi ziwiri mukuyang'ana kagetsi, kenako mumukweze ndi kupita kwa wotsatira. Ngati mabulekawo sadalembedwe maina, uwu ndi mpata wowamata timapepala, chifukwa mudziwa gawo limene aliyense amazimitsa.

M'nyumba yathu ija, buleka wa mababu atatsitsidwa sipadasinthe kanthu. Wa masoketi chimodzimodzi, wa chophikira chimodzimodzi. Atatsitsidwa womaliza, wopita ku boyizikota, kagetsi kadaima. Atakwezedwa, kadayambiranso kasanu pa mphindi. Vuto lapezeka mbali yake, koma kufufuza sikunathe, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amakanganirana pachabe. N'zosavuta kuganiza kuti mphwanu kapena wantchito amene amagona kumeneko akubisa hotipuleti kapena kamoto kotenthetsera chipinda. Musanaimbe mlandu munthu, lowani naye limodzi, muzule zonse zimene zili pa soketi ndi kuzimitsa mababu. Ngati boyizikotayo ili ndi swichi yakeyake yolandirira magetsi, itsitseni. Kagetsi kakaphethirabe, ndiye kuti palibe chipangizo chimene chikudya. Magetsi akutayikira m'njira, pa waya wochoka ku nyumba yaikulu kupita kumeneko.

Magetsi otayikira m'nthaka

Nyumba zambiri zapanja zidalumikizidwa pambuyo pake, nthawi zina ndi waya wamba wa m'nyumba amene adangokwiriridwa m'nthaka wopanda paipi yomuteteza, kapena wolumikizidwa pakati ndi tepi. Khasu la wolima maluwa limamutema pang'ono, makoswe ndi chiswe zimawononga chikopa chake, tepi imamatuka ndi zaka. M'chilimwe nthaka ili gwa, palibe chimene chimaoneka. Mvula ikagwa dothi n'kunyowa, magetsi amapeza njira yotulukira pa balalo n'kulowa m'nthaka. Mita siisiyanitsa magetsi ophikira nsima ndi magetsi otenthetsa dothi. Onse adutsa pa iyo, onse imawawerenga.

Wina afunsa kuti nanga buleka bwanji osagwa. Buleka wamba ntchito yake ndi kuteteza waya kuti asapse magetsi akachuluka mopyola muyeso, ndipo muyesowo umalembedwa pa iye, monga maampu 20. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoliti 230, choncho mawati 300 ndi maampu 1.3 okha. Kwa buleka wa maampu 20, kameneko n'kanthu kochepa kwambiri, ndipo akhoza kukhala chaka chonse osagwa.

Chipangizo chimene chimagwira vuto lotere ndi china. Ndi swichi yoteteza ku magetsi otayika, imene mungaizindikire ndi kabatani kolembedwa T kapena TEST, ndiponso nambala ya 30 mA. Iyo imayerekeza magetsi amene atuluka ndi amene abwerera, ndipo ikaona kuti ena asowa panjira imazimitsa nthawi yomweyo. Muyeso wa 30 mA ndi pafupifupi mawati 7 okha. Izi zikutanthauza kuti m'nyumba imene swichiyi ilipo, ikugwira bwino ntchito ndipo ikuyang'anira mawaya onse, magetsi sangamatayikire m'nthaka mochuluka osadziwika. Koma nyumba zambiri zakale zilibe swichiyi, kwina idafa, ndipo kwina wina adaidumphitsa ndi waya chifukwa inkagwaigwa. Swichi imene ikugwaigwa imakhala ikunena kuti penapake pali bala. Kuidumphitsa n'kutseka pakamwa mboni. Dinani kabataniko kamodzikamodzi: magetsi akapanda kuzima, swichiyo yafa ndipo ikufunika kusinthidwa.

Pa vuto ili, ndalama ndi nkhani yaing'ono. Magetsi a maampu 1.3 ndi ochuluka kuposa amene angaphe munthu. Mukamva kuluma pogwira mpope wa madzi, chitseko chachitsulo kapena waya woyanikira zovala, mukaona malo ena pabwalo akuuma msanga mvula ikagwa kapena akumveka ofunda, musadikire mawa. Tsitsani buleka wa mbaliyo, mumatepo tepi kuti wina asamukweze, letsani ana kusewera pamenepo, ndipo itanani mmisiri wa zamagetsi amene ali ndi chilolezo cha MERA. Iye ali ndi chida choyezera ngati chikopa cha waya chili bwino, ndipo chidacho chimasonyeza vutolo asanakumbe n'komwe. Mankhwala ake ndi kuika waya watsopano wopangidwira kukwiriridwa m'nthaka, wopanda mfundo pakati, osati kumatanso tepi pa wakaleyo.

Zodya mopumira

Muyeso wa mabuleka umagwira msanga chinthu chimene chimakoka mosalekeza. Koma pali zipangizo zina zimene zimayaka n'kuzima zokha, ndipo zikhoza kukhala zitapuma pa mphindi imene mukuwerenga. Zimenezi zimagwidwa ndi muyeso wa usiku uja wobwerezedwa: usiku uliwonse muzimitse chimodzi, muone usiku umene manambala atsike.

Choyamba kuchikayikira ndi giza. Giza ya malita 150 nthawi zambiri imakhala ndi elementi ya mawati 3,000, ndipo kutenthetsa madzi onsewo kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya pafupifupi mayunitsi 7. Mu Juni ndi Julayi madzi amalowa ozizira kwambiri ndipo anthu amasamba otentha kwambiri, choncho kukwera pang'ono m'miyezi imeneyi si vuto. Vuto limabwera madzi otentha akamatayika. Lita iliyonse yotentha imene yadontha imalowedwa m'malo ndi yozizira yofunika kutenthetsedwa, ndipo malita 100 otayika patsiku amadya mayunitsi oposa 4. Yang'anani kapaipi kotulutsa madzi kuchoka ku giza kupita panja pa khoma. Kudontha pang'ono pamene madzi akutenthetsedwa n'kwachibadwa, koma kakamachucha osaleka ndiye kuti valavu yatha. Onaninso mipope ya madzi otentha, ndipo yerekezani ndi bilu ya madzi: ikakwera nthawi imodzi ndi magetsi, giza ndiyo yoyamba kuyankha. Kachipangizo koyang'anira kutentha kakafa, elementi siizima. Madzi amatuluka owotcha mopitirira, nthawi zina ndi nthunzi. Giza yotero izimitsidwe pa buleka tsiku lomwelo chifukwa ndi yoopsa.

Chachiwiri ndi firiji. Injini yake imayenera kulira kanthawi n'kupuma. Labala wa chitseko akatha, kapena mpweya wozizitsa ukachepa, injiniyo imalira tsiku lonse. Firiji ya mawati 150 imene inkadya yunitsi imodzi ndi pang'ono imafika pa 3.6 patsiku. Tsekerani pepala pa chitseko n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, labala sakugwira. Firiji yopanikizidwa ku khoma, kapena imene mkati mwadzaza chipale chokhuthala, nayonso imagwira ntchito nthawi yaitali kuposa yoyenera.

Chachitatu chabwera ndi kuzimazima kwa magetsi. Mabanja ambiri adagula inveta ndi mabatire, ndipo amaiwala kuti magetsi amene amagwiritsa ntchito nthawi ya mdima si aulere. Magetsi a ESCOM akabwerera, inveta imadzazanso mabatirewo kudzera pa mita, ndipo imakoka ochuluka kuposa amene idatulutsa chifukwa ena amatayika ngati kutentha. Mabatire awiri olembedwa 12V 200Ah amasunga pafupifupi mayunitsi 4.8 akadzaza. Batire likakalamba, makamaka chipinda chake chimodzi chikafa, silifika podzaza, ndiye inveta ikhoza kumangolithira magetsi usana ndi usiku. Zizindikiro zake ndi batire lotentha kapena lotupa, madzi ake kutha msanga, ndi fani ya inveta yosapuma ngakhale magetsi akhala alipo tsiku lonse.

Chachinayi ndi pampu ya madzi, kwa amene ali ndi thanki kapena chitsime. Kachipangizo koyandama kozimitsa pampu thanki ikadzaza kakakanirira, kapena paipi ikaphulika pansi, pampu imangozungulira. Pampu ya mawati 750 ikagwira ntchito maola 8 osafunikira yadya mayunitsi 6. Ikamayaka n'kuzima usiku pamene palibe amene watsegula mpope, penapake madzi akuthawa.

Waya wopita kwa ena

M'nyumba za lendi, makamaka zimene kale zidali nyumba imodzi kenako n'kugawidwa, mawaya samatsata makoma atsopano nthawi zonse. Soketi ya khomo loyandikana, mababu a pa mpanda wonse, kaokala ka pa geti kapena pampu ya anthu onse zikhoza kukhala pa mita yanu popanda wina kuchita dala. Njira yodziwira ndi yamtendere. Madzulo mababu atayaka, tsitsani swichi yanu yaikulu n'kuzungulira panja. Chilichonse chimene chazima kunja kwa khomo lanu chikudya mayunitsi anu. Imeneyi ndi nkhani yokambirana ndi eni nyumba kuti aitane mmisiri adzalekanitse mawayawo.

Muyeso womwewu uli ndi mbali yachiwiri, yofunika kwambiri. Swichi yaikulu itatsitsidwa, mita siyenera kuchotsa kanthu. Lembani mayunitsi, tsitsani swichiyo kwa ola limodzi, kenako muwerengenso. Firiji yotsekedwa siwononga chakudya pa ola limodzi. Ngati kabokosi kanu kolowetsera tokeni kamalumikizidwa pa soketi, sikalankhulana ndi mita swichi ili pansi, choncho muwerenge mutangoikweza. Mayunitsi akachepa pa ola limeneli, vuto silili m'nyumba mwanu. Mwina pali waya wolumikizidwa pakati pa mita ndi bokosi lanu la mabuleka, mwina mawaya adasemphana pa pholo pamene mamita angapo ali m'bokosi limodzi kotero mukulipirira nyumba ina, kapena mitayo yawonongekadi. Pa zitatu zonsezi musakhudze kanthu. Mita ndi ya ESCOM, ndipo kudula chidindo chake kapena kukwera pholo ndi mlandu, kuwonjezera pa ngozi yake. Munthu wobwera ndi nkhani yoti akhoza kuichedwetsa mita yanu akukulowetsani m'mavuto aakulu kuposa amene muli nawo.

Kuyesa mita yeniyeniyo

Mamita a m'nyumba amapangidwa kuti kuphonya kwawo kukhale kochepa kwambiri, pafupifupi yunitsi imodzi pa 100 iliyonse. Kuphonya kotere sikungachotse nyumba pa 8 n'kuifikitsa pa 15. Komabe mita ndi chipangizo, ndipo mphenzi kapena madzi zikhoza kuiwononga. Mukhoza kuiyesa ndi ketulo. Zulani zonse monga poyamba paja, mutsimikize kuti kagetsi kaima, kenako wiritsani lita imodzi ndi theka ya madzi a pa mpope. Kuwiritsa lita imodzi kumafuna pafupifupi mayunitsi 0.1, kaya ketuloyo ndi yamphamvu kapena yofooka, kaya magetsi abwera ochepa mphamvu tsiku limenelo. Chimasintha ndi nthawi yokha imene madzi atenge kuti awire. Choncho mita iyenera kuchotsa pafupifupi 0.15, kapena kuphethira maulendo pafupifupi 150 ngati ili ya 1000 imp/kWh. Ikachotsa 0.14 kapena 0.17, ili bwino. Ikachotsa 0.3, bwerezani kawiri, ndipo zikatuluka chimodzimodzi muli ndi chifukwa chomveka choikayikira.

Popita ku ofesi ya ESCOM tengani nambala ya mita, malisiti kapena mauthenga a tokeni a miyezi itatu, ndi kope lanu lija lokhala ndi masiku, nthawi ndi manambala. Mawu akuti mita ikuthamanga ogwira ntchito amawamva tsiku lililonse ndipo sawauza pamene angayambire. Koma mukanena kuti swichi yaikulu idali pansi kuyambira 2 koloko mpaka 3 koloko ndipo mita idachotsa 0.3, mwawapatsa chinthu chogwirika choti atumizire anthu kudzaona. Pemphani kuti mita iyesedwe, ndipo mulembe nambala ya dandaulo lanu ndi tsiku limene mwalipereka. Nkhani ikapanda kuyenda, MERA imalandira madandaulo a ogula magetsi, ndipo nakonso adzafuna umboni womwewo.

Vuto likakonzedwa, bwerezani muyeso wa usiku kuti mutsimikize. M'nyumba ya chitsanzo chathu, waya watsopano akaikidwa, usiku wa maola 7 uyenera kubwerera pa 0.7. Nambala imeneyo ilembedwe pachikuto cha kope, pamodzi ndi mayunitsi amene nyumba imadya patsiku, ndipo Lamlungu lililonse m'mawa wina m'banjamo azilemba mayunitsi otsala ndi amene agulidwa sabata imeneyo. Ndi chizolowezi chimenechi, waya wotemedwa kapena valavu yochucha zidzaonekera pasanathe masiku asanu ndi awiri, mayunitsi otayika akadali makumi angapo chabe.